Chogawa pakati ndi voliyumu, osati pH: kuwerenga gilafu ya asidi wofooka

Funso: Mu labotale tinathira NaOH wa 0.100 M mu asidi wa asetiki wa 0.100 M wokwana 25.00 mL, n'kujambula gilafu ya pH. Ine ndinatenga pH 7 kuti ndiye pa ikwivalensi, ndinaigawa pakati n'kupeza 3.5, ndipo ndinalemba kuti imeneyo ndiye pKa. Koma buku likuti 4.74. Ndalakwitsa pati? Nanga pH ya pa ikwivalensi ndiipeza bwanji ngati si 7?

Yankho: Gilafu yanu mwina ilibe vuto lililonse. Chasokonekera ndi mbali imene mwayambira kuiwerenga. Mwayambira kumzere woimirira, kumene kuli pH, pomwe ntchito yonse imayambira kumzere wogona wa pansi, kumene kuli mamililita a alikali amene mwathira. Mawu akuti theka la ikwivalensi akunena theka la alikali wofunika kuti asidi yense athe. Sakunena theka la pH. Nambala ya pH ndi logarithimu, choncho kuigawa pakati sikupereka chinthu chilichonse chimene chili m'bika. Mukayang'ana pa gilafu yanu muona kuti pH 3.5 munaidutsa kumayambiriro kwenikweni, musanathire n'komwe mamililita awiri a NaOH.

Tiyambe ndi zimene zili m'bikamo. Asidi wokwana 25.00 mL wa 0.100 M ali ndi mamilimolo 2.50 a CH3COOH. Ayoni iliyonse ya OH⁻ imene yatsika kuchokera mu byureti imalanda haidirojeni kwa molekyu imodzi ya asidi, n'kusiya aseteti ndi madzi.

```
CH3COOH + OH⁻ → CH3COO⁻ + H2O
```

Popeza imodzi imadya imodzi, pafunika mamilimolo 2.50 a NaOH kuti asidi athe, ndipo pa 0.100 M amenewo ndi 25.00 mL. Apo ndiye pa ikwivalensi: alikali wothiridwa walingana ndi asidi amene munayamba naye. Tanthauzo limeneli silitchula pH paliponse. Zoti pH imakhala 7 pamenepo zimachitika asidi ndi alikali akakhala amphamvu onse awiri, monga HCl ndi NaOH pa 25 °C, chifukwa mchere umene umatsala suchita kanthu ndi madzi. Ophunzira ambiri amayamba ndi chitsanzo chimenecho, ndiye 7 amakhazikika m'mutu ngati lamulo, pomwe kwenikweni ndi zotsatira za mtundu umodzi wokha wa taitireshoni.

Ndiye mungapapeze bwanji pa gilafu, makamaka tsiku limene simukudziwa mphamvu ya asidi wanu? Fufuzani pamene mzere waima chilili kuposa paliponse, pamene dontho limodzi likukweza pH kwambiri. Pa asidi wanuyu, masamu amapereka manambala awa pafupi ndi malowo: pa 24.85 mL pH ndi 6.96, pa 24.95 mL ndi 7.44, pa 25.05 mL ndi 10.00, ndipo pa 25.15 mL ndi 10.48. Taonani kusiyana kwa manambala oyandikana. Kuchoka pa yoyamba kufika pa yachiwiri pH yakwera ndi 0.48. Kuchoka pa yachiwiri kufika pa yachitatu yalumpha ndi 2.56. Kenako yabwereranso pa 0.48. Kulumpha kwakukuluko kuli pakati pa 24.95 ndi 25.05, ndiye ikwivalensi ili pakatikati pake, pa 25.00 mL. Dontho limodzi la mu byureti limakhala pafupifupi 0.05 mL, kutanthauza kuti madontho awiri okha ndi amene anyamula pH kuchoka pa 7.44 kukaitula pa 10.00.

Njira imeneyi yoyerekeza manambala ndimaikhulupirira kuposa kuyeza ndi maso pa pepala. Mumatenga kusintha kwa pH, n'kugawa ndi kusintha kwa voliyumu, n'kulemba yankholo pa voliyumu ya pakati pa miyezo iwiriyo. Pamene yankho lakula koposa ndi pomwe mukufuna. Kugawako n'kofunika ngati simunathire mofanana nthawi zonse, chifukwa kukwera kwa 1.0 pa mililita yathunthu n'kochepa poyerekeza ndi kukwera kwa 0.5 pa 0.10 mL. Ngati muli ndi gilafu yokha popanda manambala, gwiritsani rula: jambulani mizere iwiri yopendekeka mofanana, wina wokhudza pokhota pa m'munsi, wina pokhota pa m'mwamba, kenako wachitatu pakatikati pa iwiriyo. Pamene wachitatuwo wadula gilafu, tsikani molunjika mpaka pamzere wa voliyumu.

Zonsezi zimatheka ngati munayeza pafupipafupi pamalo oyenera. Amene wathira mililita imodziimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza amakhala ndi pH 6.12 pa 24 mL ndi 11.29 pa 26 mL, ndi muyezo umodzi wokha pakati, ndipo sangathe kunena bwinobwino pamene panalumphira. Chizolowezi chabwino n'kuchita kawiri. Ulendo woyamba thirani mwachangu kuti mungodziwa dera lake. Ulendo wachiwiri thirani mililita imodziimodzi mpaka patatsala mamililita awiri, kenako 0.20 mL, ndipo m'kati mwa theka la mililita lomaliza thirani 0.10 mL kapena dontho limodzilimodzi. Pitirizani mpaka mutapitirira ndi mamililita asanu kapena kuposa, chifukwa popanda mbali ya m'mwamba simungadziwe pakati pa kulumphako.

Mukapeza 25.00 mL, tsopano ndiye mugawe pakati: 12.50 mL. Ikani chala pa 12.50 pamzere wa pansi, kwerani molunjika mpaka mutakhudza gilafu, kenako pitani kumanzere mukawerenge pH. Mupeza nambala ya pafupi ndi 4.74. Chifukwa chake chili m'bika. Pa 12.50 mL mwathira mamilimolo 1.25 a OH⁻, amene asandutsa mamilimolo 1.25 a asidi kukhala aseteti, ndipo mamilimolo 1.25 enawo akadali asidi. Ziwirizi zili m'madzi amodzimodzi okwana 37.50 mL, ndiye kuchuluka kwake n'kofanana. Ikani zimenezo m'samu ya Henderson ndi Hasselbalch:

```
pH = pKa + log([CH3COO⁻] / [CH3COOH])
pH = pKa + log(1) = pKa
```

Logarithimu ya 1 ndi ziro, ndiye pH imene mita ikuonetsa pamenepo ndiyo pKa. Mukafuna Ka, kwezani 10 ku mphamvu ya −4.74, mupeza 1.8 × 10⁻⁵.

Malo amenewa alinso ndi chizindikiro chake pa gilafu. Ndi pamene mzere wagona kwambiri m'dera lonse la bafa, chifukwa m'bika muli asidi wokwanira kumeza alikali wobwera ndi aseteti wochuluka mofanana. Pa 5.00 mL pH ndi 4.14 ndipo pa 20.00 mL ndi 5.34, kutanthauza kuti mamililita 15 athunthu angokweza pH ndi 1.2 yokha. Pafupi ndi pakati kugonako n'kochulukirapo: pa 11.50 mL pH ndi 4.67, pa 13.50 mL ndi 4.81. Koma musayese kupeza malowa pofufuza pamene pagona kwambiri, chifukwa maso sangasiyanitse 11 ndi 14 pamzere wogona chotero. Kugonako ndi kongotsimikizira kuti voliyumu imene mwapeza pogawa yagwera pamalo omveka.

Kugona kumeneku kuli ndi ubwino wina woyenera kuumvetsa. Mutaphonya voliyumu ndi mililita yathunthu, pKa yanu ingasokonekere ndi 0.07 yokha. Choncho pKa ikatuluka kutali ndi ya m'buku, nthawi zambiri mlandu sukhala wa byureti koma wa mita. Mita imene yaphonya ndi 0.1 imapereka pKa yophonya ndi 0.1 yomweyo, ndipo pa Ka zimenezi ndi kulakwitsa kwa magawo pafupifupi 26 pa 100 alionse. N'chifukwa chake mita iyenera kuchunidwa tsiku lomwelo ndi mabafa osachepera awiri. Bafa ya pH 4 ndi ya pH 7 zimazinga dera la pKa ya asetiki, ndipo ngati mukufuna kukhulupirira mbali ya m'mwamba onjezani ya pH 10. Mwina mudzapeza kuti mita yochunidwa bwino ikuonetsa 4.68 kapena pafupi pamenepo m'malo mwa 4.74 kapena 4.76 imene mabuku ena amalemba. Musadandaule nazo. Maayoni a sodiyamu ndi aseteti amene achuluka m'madzimo amakokana, ndipo zimenezi zimatsitsa muyezo ndi pafupifupi 0.07 pa kuchuluka kwa mchere kumene kuli m'bika mwanu.

Tsopano pH ya pa ikwivalensi. Funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti, m'bikamu mwatsala chiyani? Asidi watha, ndipo NaOH wotsala palibe. Zimene zilimo ndi mamilimolo 2.50 a aseteti, sodiyamu amene sachita kanthu, ndi madzi. Aseteti anachokera kwa asidi wofooka, asidi amene sataya haidirojeni wake mosavuta, ndiye akapeza mpata amamutenganso. Amalanda haidirojeni kwa madzi n'kusiya OH⁻.

```
CH3COO⁻ + H2O ⇌ CH3COOH + OH⁻
```

Ndi maaseteti ochepa kwambiri amene amachita zimenezi, pafupifupi mmodzi pa 10,000 alionse, koma n'zokwanira kukankhira pH pamwamba pa 7. Pamenepa samu ya Henderson ndi Hasselbalch siigwira ntchito, chifukwa mukaikamo ziro m'malo mwa asidi ndiye kuti mukugawa ndi ziro. Muyenera kuona bikayo ngati madzi a alikali wofooka, n'kuwerengera motero.

Choyamba ndi kuchuluka kwa aseteti, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Voliyumu siilinso 25.00 mL. Mwathiramo 25.00 mL ina, ndiye yonse ndi 50.00 mL, ndipo mamilimolo 2.50 m'mamililita 50.00 ndi 0.0500 M. Chachiwiri ndi Kb, imene imapezeka pogawa Kw ndi Ka. Kenako zotsalazo zimangotsatana.

```
Kb    = 1.0e-14 / 1.8e-5        = 5.6e-10
[OH⁻] = √(5.6e-10 × 0.0500)     = 5.3e-6
pOH   = 5.28
pH    = 14.00 − 5.28            = 8.72
```

Kugwiritsa ntchito sikweya ruti mwachidule chonchi n'kololeka chifukwa 5.3 × 10⁻⁶ ndi kachinthu kochepetsetsa pafupi ndi 0.0500, ndiye kuichotsa kapena kusaichotsa sikusintha yankho. Mukaiwala kuti voliyumu yawirikiza n'kugwiritsa 0.100 M, mupeza 8.87. Mukaika Ka m'malo mwa Kb, mupeza nambala imene siingagwirizane ndi gilafu konse. Ndipo mukaima pa 5.28 n'kuilemba ngati pH, mwaiwala kuti zimene mwawerengera ndi OH⁻. Njira yachangu yodziyesera ndi kubwerera kumanambala aja a pafupi ndi kulumpha: pakati pa 7.44 ndi 10.00 ndi 8.72 ndendende.

Ndikukulangizani kuti pH ya pa ikwivalensi muziiwerengera, ndipo ya pa gilafu muziitenga ngati mboni chabe. Pamalo oima chilili chotere, kuphonya ndi dontho limodzi kumasuntha pH ndi kupitirira 1. Mukawerenga 8.3 kapena 9.1 pa gilafu yanu, palibe chachilendo. Zili ngati zotembenuzika: pa ikwivalensi voliyumu imadziwika bwino koma pH siidalirika, pomwe pa theka pH imadalirika koma voliyumu siingaoneke ndi maso. N'chifukwa chake timatenga voliyumu pamalo oimirira, n'kukatengera pH pamalo ogona.

Chilungamo chake n'chakuti pa asidi wa asetiki, kutenga voliyumu ya pa pH 7 sikukanakutayitsani kutali. Gilafu imadutsa pH 7.00 pa 24.86 mL, kuperewera ndi 0.14 mL yokha, ndipo mukanagawa voliyumu imeneyo pakati mukanapezabe pKa yolondola. Koma umenewo ndi mwayi wa asidi ameneyu, chifukwa 7 wangopezeka ali m'munsi mwa kulumpha. Yesani ndi asidi wofooka kwambiri monga HOCl, amene pKa yake ndi pafupifupi 7.5, pa kuchuluka komweku. Gilafu imafika pa pH 7 mutangothira mamililita 6 mwa 25, musanafike n'komwe pa theka, ndipo ikwivalensi ili pa pH ya pafupifupi 10.1. Asidi akamafookerafookera, dera la bafa limakwera, pH ya pa ikwivalensi imakweranso, koma denga silisuntha, chifukwa mukapitirira ikwivalensi pH imalamulidwa ndi NaOH wotsala basi. Pa 30.00 mL imakhala 11.96 kaya asidi anali uti. Kulumphako kumafupika, ndipo pKa ikayandikira 9 kapena 10 sikuonekanso bwino moti n'kukudalira.

Zimenezi ndi zimenenso zimasankha indiketa. Fenofitalini amayamba kufiira mwa pinki pa pH ya pafupifupi 8.2 ndipo amamaliza pa 10.0, dera limene lili m'kati mwa madontho awiri aja, ndiye mtundu ukangoyamba kuoneka n'kukhalitsa kwa masekondi 30, mwafika. Metilo olenji amasintha pakati pa 3.1 ndi 4.4. Pa gilafu yanu pH 4.4 ili pafupi ndi 8 mL, ndiye angakhale atamaliza kusintha mtundu asidi wambiri akadalipo, ndipo kusinthako kumachitika pang'onopang'ono kopanda dontho limodzi loti n'kuliloza.

Pali zinthu ziwiri zochitika pa tebulo zimene zimapotoza gilafu ngakhale masamu ali bwino. Choyamba n'kufulumira. Elekitirodi ya galasi imafuna nthawi kuti ikhazikike, makamaka pafupi ndi ikwivalensi pamene madzi alibe bafa yowateteza. Mukalemba nambala isanaime, muyezo uliwonse umatsalira m'mbuyo, ndipo kulumpha kumaoneka ngati kwachedwa. Takasani mosalekeza, onetsetsani kuti nsonga yonse ya elekitirodi yamira, ndipo dikirani mpaka nambala itasiya kuyenda. Chachiwiri ndi NaOH wokhalitsa. Amayamwa mpweya wa CO2 n'kupanga kaboneti, ndiye mphamvu yake imatsika ndipo kulumpha kumapendekeka m'malo moima chilili. Mukaona kuti ikwivalensi yafika pa 26 mL m'malo mwa 25, kayikirani botolo la alikali musanakayikire asidi. Mankhwala ake n'kuyeza kaye mphamvu ya NaOH ndi KHP, asidi wouma woyezera alikali, amene molo yake imalemera magalamu 204.22, n'kusunga botolo lotseka. Chosangalatsa n'chakuti pKa yanu siidalira kwenikweni nambala yolembedwa pa botolo, bola mugawe pakati voliyumu imene mwaiona pa gilafu, osati imene mumayembekezera. Ikwivalensi ikakhala pa 26.00 mL, theka ndi 13.00 mL, osati 12.50.

Ambiri amafunsanso ngati n'kulakwa kuthira madzi oyera m'bika kuti elekitirodi imire. Si kulakwa. Madzi sawonjezera kapena kuchotsa mamilimolo a asidi, ndiye ikwivalensi imakhalabe pa 25.00 mL. Pa theka, asidi ndi aseteti amasungunuka mofanana, ndiye pH imakhalabe pafupi ndi pKa. Chimene chimasintha ndi pH ya pa ikwivalensi. Mukathira madzi okwana 50 mL, aseteti amakhala m'mamililita 100, kuchuluka kwake ndi 0.0250 M, ndipo pH imatsika kufika pa 8.57. Choncho lembani madzi amene mwathira ndipo muwaphatikize powerengera.

Lamulo lakuti pH ndi pKa pa theka lili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Limaganiza kuti asidi wotsalayo sakudzigawa yekha mokwanira kusintha kulingana kuja. Pa asetiki zimenezi n'zoona, chifukwa H⁺ ali pa 1.8 × 10⁻⁵ M pomwe asidi ndi aseteti ali pa 0.033 M aliyense. Koma tengani asidi wa kuloroasetiki, amene Ka yake ndi 1.4 × 10⁻³ ndipo pKa ndi pafupifupi 2.85. Pa 0.100 M, pH ya pa theka imatuluka 2.89, kusiyana kochepa. Mukasungunula asidi ndi alikali yemwe kukhala 0.0100 M, pH ya pa theka imakhala 3.08, kupitirira pKa ndi 0.2, chifukwa gawo lalikulu la asidi wotsalayo lataya kale haidirojeni lokha, ndipo m'bika mulibenso kulingana. Muyezo wosavuta ndi uwu: kuchuluka kwa asidi wotsala pa theka kukhale kuwirikiza Ka nthawi 100 kapena kuposa. Kukapanda kutero, chotsani H⁺ amene mita yaonetsa ku mbali ya asidi, muwonjezere ku mbali ya mchere wake, kenako muike manambala okonzedwawo m'samu ija kuti mupeze pKa. Pa gilafu yanu ya asetiki kuwirikizako ndi pafupifupi nthawi 1,800, ndiye pH imene muwerenge pa 12.50 mL mutha kuilemba monga ilili.